Matikiti otsika mtengo a tsiku limodzi ku Jeremani: mafunso ndi mayankho kwa wogwira ntchito amene akufuna kukaona anzake

Munthu amene wapita kukagwira ntchito ku Jeremani sachedwa kuzindikira kuti anzake olankhula nawo chinenero chimodzi sakhala mumzinda umodzi, ndipo kuti mtengo wa sitima zothamanga ukhoza kumulepheretsa kukawaona kwa miyezi yambiri. Mafunso ali m'munsiwa ndi okhudza matikiti a tsiku limodzi a m'chigawo, amene pa Chijeremani amalembedwa kuti Länder-Ticket. Chitsanzo chathu chachikulu ndi Bayern-Ticket ya chigawo cha Bayern, kumene kuli mizinda ya München ndi Nürnberg. Mitengo yotchulidwa ndi ya chaka cha 2025, pokhapokha pamene tanena chaka china, ndipo kawirikawiri imasintha pakati pa mwezi wa Disembala pamene ndandanda ya sitima ikusinthidwa.

Kodi tikiti imeneyi ndi yotani, ndipo n'chifukwa chiyani imatsika mtengo chonchi?

Dziko la Jeremani lili ndi zigawo 16, ndipo pafupifupi paliponse pali tikiti imene imakulolani kukwera sitima za m'deralo tsiku lonse, kutsika ndi kukweranso mmene mukufunira, popanda kulipira ulendo uliwonse paokha. Tikiti imodzi ikhoza kunyamula anthu osapitirira asanu. Mu 2025 Bayern-Ticket inali mayuro 32 kwa munthu mmodzi, ndipo aliyense woonjezera ankawonjezera mayuro 10 okha, moti anthu asanu ankalipira mayuro 72 onse pamodzi.

Mtengowo umatsika chifukwa tikitiyo imakutsekerani zinthu zitatu. Simungakwere sitima zothamanga zoyenda mitunda italiitali, simungayende m'mawa pa nthawi imene anthu akuthamangira kuntchito, ndiponso simungapatsirane tikitiyo ndi munthu amene dzina lake silinalembedwepo. Pafupifupi chindapusa chilichonse chimene anthu amapatsidwa ali ndi tikiti imeneyi m'manja chimachokera pa chimodzi mwa zitatuzi, n'chifukwa chake mafunso ambiri pano akubwerera pa zomwezo.

Anzanga amene anabwera kale amatchula tikiti ya Loweruka ndi Lamlungu. Ndingaipeze kuti?

Iwo akunena za Schönes-Wochenende-Ticket, imene inayamba mu 1995 ndipo inkalola anthu asanu kuyenda dziko lonse pa sitima za m'madera kumapeto kwa sabata. Tikitiyo inathetsedwa mu Juni 2019, choncho musataye nthawi kuifufuza pa makina. Zimene zilipo lero ndi matikiti a m'chigawo, komanso Quer-durchs-Land-Ticket, imene imagwira ntchito m'dziko lonse tsiku limodzi pa sitima za m'madera. Imeneyi inali mayuro 49 kwa munthu mmodzi mu 2025, koma dziwani kuti sigwira ntchito m'mabasi, m'matiramu kapena m'sitima zapansi pa nthaka za m'mizinda, kotero mukafika kumene mukupita mudzafunika kugulanso tikiti ina ya mumzindamo.

Ndingadziwe bwanji sitima imene ndikuloledwa kukwera?

Yang'anani zilembo zimene zili patsogolo pa nambala ya sitima, kaya pa chikwangwani chachikulu cha pasiteshoni kapena pa foni yanu. Sitima zolembedwa RE, RB, IRE kapena S ndi za m'madera, ndipo tikiti yanu ikugwira ntchito m'menemo. Sitima zolembedwa ICE, IC, EC kapena RJ ndi zoyenda mitunda italiitali, ndipo tikiti yanu ilibe mphamvu m'menemo ngakhale mutangokwera kuchoka pa siteshoni imodzi kukatsika pa yotsatira. Chimodzimodzinso sitima zobiriwira za FlixTrain, zimene zili ndi matikiti awoawo.

Anthu ambiri amauzana kuti sitima yofiira ndi yololedwa ndipo yoyera ndi yoletsedwa. Mawuwa ali ndi choonadi pang'ono, chifukwa ICE ndi yoyera yokhala ndi mzere wofiira ndipo sitima zambiri za m'madera za Deutsche Bahn, kampani ya sitima ya boma, n'zofiira, koma ine sindilangiza munthu kudalira mtundu. Ku Bayern kuli makampani ena, monga BRB ndi agilis, amene sitima zawo ndi za mitundu ina koma zimalandira Bayern-Ticket bwinobwino, ndipo munthu woyang'ana mtundu wokha akhoza kusiya sitima yake ikupita iye ali chiimire papulatifomu. Zilembo ndiye zodalirika.

Njira yabwino koposa ndiyo kuchotseratu sitima zoletsedwa musanayambe kufufuza ulendo. Mu pulogalamu ya pafoni ya DB Navigator, pamene mukusankha mitundu ya zoyendera, sankhani `Nur Nahverkehr`, kutanthauza sitima za m'madera zokha. Mukapanda kutero, pulogalamuyo imaika patsogolo maulendo achangu, amene nthawi zambiri amakhala ndi ICE pakati, ndipo n'zosavuta kutsatira ulendo woterowo osazindikira kuti gawo lake lachiwiri sililola tikiti yanu.

Chinthu chimodzi chokondweretsa pa Bayern-Ticket n'chakuti imagwiranso ntchito m'sitima zapansi pa nthaka, m'matiramu ndi pafupifupi m'mabasi onse a m'chigawocho. Izi zikutanthauza kuti mukhoza kunyamuka nayo pakhomo panu mpaka pakhomo pa mnzanu osagulanso china.

Kodi tikitiyo imayamba ndi kutha nthawi yanji?

Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu imayamba kugwira ntchito 9 koloko m'mawa. Loweruka, Lamlungu ndi pa masiku a tchuthi cha boma imayamba pakati pa usiku, choncho mukhoza kulawirira mmene mungathere. Masiku onse imatha 3 koloko m'bandakucha wa tsiku lotsatira. Si tikiti ya maola 24 owerengedwa kuchokera pamene mwagula, koma ya tsiku limene lasindikizidwa pa tikitipo.

Lamulo la 9 koloko limakhudza kwambiri anthu amene sapuma kumapeto kwa sabata, monga osamalira okalamba, ogwira ntchito m'zipatala, m'mahotela ndi m'malo odyera, amene tsiku lawo lopuma limagwa Lachiwiri kapena Lachinayi. Ngati sitima ikunyamuka 8:54, tikiti yanu sinayambe kugwira ntchito, ndipo woyendera matikiti akakupezani mphindi zisanu ndi chimodzi zimenezo zisanathe ali ndi ufulu wokulembani ngati munthu wopanda tikiti. Mukhoza kudikira sitima yotsatira, kapena kugula tikiti wamba yokufikitsani pa siteshoni yoyamba imene sitimayo iima 9 koloko itakwana, kenako n'kupitiriza ndi tikiti ya tsiku lonse. Basi imene mukwere popita kusiteshoni nayonso ili pansi pa lamulo lomweli, ndipo apa m'pamene ambiri amaiwala.

Masiku a tchuthi nawonso safanana m'zigawo zonse. Mwachitsanzo, pa 6 Januwale ndi tchuthi ku Bayern, ku Baden-Württemberg ndi ku Sachsen-Anhalt, koma m'zigawo zina ndi tsiku la ntchito ngati lina lililonse.

Kwa amene akuweruka madzulo ndipo akufuna kukacheza usiku, pali Bayern-Ticket Nacht, yotsikirako mtengo pang'ono, imene imayamba 6 koloko madzulo mpaka m'mawa wa tsiku lotsatira.

Tikufuna kupita atatu Loweruka kuchoka ku München kukaona anzathu ku Nürnberg, koma mmodzi akukhala ku Ingolstadt. Tichite bwanji?

Ulendo umenewu ndi wabwino kuuona mwatsatanetsatane, chifukwa uli ndi pafupifupi zonse zimene zimasokoneza anthu. Sitima ya RE 1 imachoka pa siteshoni yaikulu ya München, yolembedwa München Hbf, kudzera ku Ingolstadt mpaka pa siteshoni yaikulu ya Nürnberg, ndipo imatenga nthawi yochepera pang'ono maola awiri, pamene ICE imatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa. Mphindi zimene mukutaya pokwera RE ndiye mtengo weniweni wa kutsika kwa tikitiyo.

Amene akuyamba ulendo ku München ndiye agule tikiti, ndipo pogula asankhe anthu atatu, osati awiri, ngakhale wachitatuyo akwerera panjira. Chiwerengero cha anthu chimatsekedwa pa nthawi yogula, ndipo simungawonjezere munthu pambuyo pake polipira mayuro 10 m'sitima. Mu 2025 mtengo wake unali 32 kuphatikiza 10 kuphatikiza 10, zomwe zinkakwana mayuro 52, kapena kuti mayuro 17 ndi masenti ochepa pa munthu aliyense, kupita ndi kubwerera, pamodzi ndi zoyendera za m'mizinda yonse iwiri. Mukagula pa makina kapena pa foni mtengo ndi womwewo, koma mukagula pa zenera la ogulitsa matikiti mumawonjezera mayuro 2.

Makina akatulutsa tikiti, muona mizere yopanda kanthu pamene payenera kulembedwa mayina. Lembani dzina ndi dzina la bambo la aliyense amene akukwera pamenepo, ndi zilembo zikuluzikulu, ndi cholembera chosafufutika, musanakwere sitima. Pensulo siloledwa. N'zomvetsa chisoni kuona munthu atagwira tikiti yolondola, sitima ili pafupi kunyamuka, iye akupapasa m'matumba a jekete kufunafuna cholembera chimene anachisiya kunyumba, choncho ikani chimodzi m'chikwama chimene mumasungira chiphaso chanu. Mnzanu wa ku Ingolstadt alembe dzina lake nthawi yomweyo akangokwera. Muuzeniretu kuti muli chakutsogolo kapena chakumbuyo kwa sitima, chifukwa akakwera kumbali ina n'kukumana ndi woyendera matikiti asanakupezeni, iye alibe chilichonse choonetsa. Ngati mukugula pa foni, mayina onse amalembedwa pa nthawi yogula, ndipo foniyo iyenera kukhala ndi moto wokwanira mpaka mutabwerera kunyumba.

Woyendera matikiti akhoza kupempha chiphaso chokhala ndi chithunzi kuti aone ngati mayina akugwirizana. Lembani dzina monga lilili pa pasipoti kapena pa khadi la chilolezo chokhalira m'dzikomo, osati dzina limene anzanu amakuitanirani.

Tsopano taganizirani za kubwerera, chifukwa m'pamene mgwirizano umasokonekera. Tikiti ndi imodzi, ndipo imayenda ndi munthu mmodzi. Ngati wina wasankha kugona ku Nürnberg, palibe vuto kwa awiri enawo bola tikiti ili ndi iwo, koma wotsalayo adzagula yake Lamlungu. Malo amene iye wasiya sangaperekedwe kwa mnzanu wina wa ku Nürnberg amene akufuna kutsagana nanu, chifukwa kusintha dzina kapena kufufuta n'koletsedwa ndipo kukhoza kuchititsa tikiti yonse kukhala yosagwira ntchito. Komanso, wosunga tikiti ayenera kukhala amene akutsika pomalizira. Pa ulendo uno wa ku Ingolstadt ndiye atsika poyamba, choncho tikiti ikhale ndi a ku München. Ndipo iye akatsika sangakwerenso basi ya kwawo ndi tikitiyo popeza ikadali m'sitima. Chimodzimodzi awiri a ku München ngati akukhala mbali zosiyana za mzinda, mmodzi adzafunika tikiti yakeyake akasiyana pasiteshoni.

Nanga ana?

Ana osakwana zaka 6 amayenda ulere ndipo sawerengedwa. Pa Bayern-Ticket mukhoza kutenganso ana osapitirira atatu a zaka 6 mpaka 14 popanda kulipira. Lamuloli limasiyana m'zigawo zina, choncho werengani zolembedwa pa makina musanatsimikize. Njinga imafuna tikiti yakeyake ya tsiku.

Mnzanga akukhala kunja kwa chigawo changa. Kodi tikiti imathera pamalire enieni?

Si nthawi zonse. Matikiti ena amaphimba zigawo zingapo: Sachsen-Ticket imagwiranso ntchito ku Sachsen-Anhalt ndi ku Thüringen, Niedersachsen-Ticket imafika ku Bremen ndi ku Hamburg, ndipo Rheinland-Pfalz-Ticket imaphatikiza Saarland. Bayern-Ticket imafika ku Ulm, mzinda umene uli kale m'chigawo cha Baden-Württemberg, komanso ku Salzburg ndi ku Kufstein m'dziko la Austria. Kupitirira siteshoni yomaliza yololedwa mukufunika tikiti ina, imene muyenera kukhala nayo musanadutse pamenepo. Ngati ulendo wanu ukudutsa zigawo ziwiri, yerekezani mtengo wa matikiti awiri a m'chigawo ndi wa Quer-durchs-Land-Ticket, chifukwa kawirikawiri yachiwiriyi ndiyo imatsika.

Pa nkhani ya Salzburg ndikufuna kuchenjeza mwamphamvu, chifukwa apa chimene chili pangozi si ndalama zokha. Tikiti ya sitima si chilolezo chodutsa malire a dziko. Apolisi a Jeremani akhala akuyendera anthu pa malire ndi Austria kuyambira mu 2015, ndipo amalowa m'sitima. Munthu wochokera kunja kwa Ulaya ayenera kunyamula pasipoti yake pamodzi ndi khadi la chilolezo chokhalira m'dzikomo, zonse zosatha nthawi. Amene ali ndi pepala longodikirira chilolezo chatsopano, kapena amene pempho lake lokhala m'dzikomo likuunikidwabe, afunse kaye ku ofesi yoona za anthu akunja ngati pepalalo likumulola kutuluka ndi kubwereranso, asanakwere sitima ya ku Salzburg.

Chimachitika n'chiyani ndikakwera ICE mwangozi kapena ndikapezeka ndi tikiti yosalembedwa dzina?

Mumatengedwa ngati munthu wopanda tikiti. Chindapusa chake sichichepera mayuro 60 pa munthu aliyense, ndipo m'sitima zothamanga chikhoza kupitirira pamenepo chifukwa chimawerengedwa ngati mtengo wa ulendowo kuwirikiza kawiri. Pa gulu la anthu atatu zikutanthauza mayuro osachepera 180 pa ulendo umene unayenera kukhala wa mayuro 52. Kuyambira mu 2022 oyendera matikiti m'sitima zothamanga sagulitsanso matikiti apepala, koma mukazindikira msanga kuti mwakwera sitima yolakwika mukhoza kugula tikiti pa foni mkati mwa mphindi 10 sitima itanyamuka.

Mukalembedwa chindapusa, perekani dzina ndi keyala yolondola, sungani pepala limene mwapatsidwa, ndipo lipirani tsiku loikidwalo lisanadutse. Ngati mukuona kuti simunalakwe, lembani kalata yodandaula mkati mwa masiku omwewo m'malo mongokhala chete, chifukwa ngongole yosiyidwa imaperekedwa ku makampani otolera ngongole ndipo imakula. Kukwera dala popanda tikiti ndi mlandu pa malamulo a Jeremani, makamaka ngati zikubwerezedwa, ndipo munthu amene chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chimafunika kukonzedwanso safuna kukhala ndi mbiri yoteroyo.

Sitima yanga ikachedwa kapena ikalephereka, kodi ndikhoza kukwera ICE kuti ndifike?

Ayi, pokhapokha zitalengezedwa pasiteshoni kapena ogwira ntchito atanena momveka bwino kuti sitima yakutiyakuti yatsegulidwa kwa anthu a matikiti a m'madera. Ufulu umene anthu a matikiti wamba ali nawo wosinthira ku sitima yothamanga pakakhala kuchedwa superekedwa kwa matikiti otsika mtengo kwambiri ngati amenewa. Ngati wogwira ntchito wakulolani pakamwa, mupempheni akulembereni kapena adinde pa tikiti yanu.

N'chifukwa chake ndimalangiza kuti mukonze ulendo wobwerera musanakonze wopita. Tikiti imatha 3 koloko m'bandakucha, koma sitima za m'madera zambiri zimasiya kuyenda pakati pa usiku pasanafike kapena patangodutsa pang'ono, makamaka zopita m'matauni ang'onoang'ono, ndipo mabasi a kumidzi Loweruka madzulo ndi Lamlungu amakhala ochepa kwambiri. Pezani sitima yomaliza imene ingakufikitseni kwanu, kenako konzekerani kukwera imene ili patsogolo pake, kuti yomalizayo ikhale yopulumukira. Izi n'zofunika kwambiri ngati mukusintha sitima panjira, chifukwa kuchedwa kwa mphindi 10 pa sitima yoyamba kukhoza kukusiyani pa siteshoni yozizira mpaka kucha, pamene m'mawa mukuyembekezeka kuntchito.

Kumapeto kwa sabata ndi nthawi imenenso njanji zimakonzedwa. Mukaona zilembo SEV pa ulendo wanu, ndiye kuti mbali ina ya ulendowo muyenda pa basi yolowa m'malo mwa sitima. Tikiti yanu ikugwira ntchito m'basimo, koma ulendo umatalika, ndipo basiyo imaima kunja kwa siteshoni pamalo amene muyenera kuwafufuza. Palinso sitima zimene zimagawikana panjira, mbali imodzi n'kulowera kwina, ina kwina. Werengani dzina la mzinda lolembedwa pa ngolo imene mukukwerayo, osati la papulatifomu lokha.

Popeza kuli Deutschland-Ticket, kodi matikiti a tsikuwa akadali ndi phindu?

Yankho likudalira kuchuluka kwa maulendo anu. Deutschland-Ticket inayamba mu Meyi 2023 pa mtengo wa mayuro 49 pamwezi, inakwera kufika pa 58 mu Januwale 2025, kenako pa 63 mu Januwale 2026. Imagwira ntchito pa sitima za m'madera, mabasi, matiramu ndi sitima zapansi pa nthaka m'dziko lonse, tsiku lililonse, popanda lamulo la 9 koloko. ICE, IC ndi EC nazonso n'zoletsedwa pa tikitiyi.

Tikagwiritsa ntchito mitengo ya 2025, munthu woyenda yekha kawiri pamwezi ndi Bayern-Ticket ankalipira mayuro 64, zomwe zinali kale pamwamba pa mayuro 58. Koma munthu woyenda m'gulu la atatu, amene gawo lake linali mayuro 17 ndi masenti ochepa, ankayenda katatu pamwezi n'kukhalabe pansi pa 58. Choncho woyenda yekha kawirikawiri, kapena wokwera basi tsiku ndi tsiku popita kuntchito, apindula ndi ya pamwezi, pamene wokhala pafupi ndi ntchito yake amene amangotuluka kamodzi pamwezi ndi anzake apindula ndi ya tsiku. Funsaninso abwana anu, chifukwa makampani ena amalipirako mbali ina ya tikiti ya pamwezi kwa antchito awo.

Chenjezo pa Deutschland-Ticket n'lakuti si tikiti yogula kamodzi. Ndi mgwirizano umene umapitirira wokha mwezi ndi mwezi, ndalama zikuchotsedwa ku akaunti yanu, ndipo kawirikawiri muyenera kuuthetsa pofika pa 10 kuti usapitirire mwezi wotsatira. Imatsatira mwezi wa pakalendala, moti mukagula pa 25 ambiri mwa ogulitsa amakulipiritsani mwezi wathunthu. Ndi ya munthu mmodzi yekha, ndipo simungatengerepo mnzanu. Pa gulu limene ena ali nayo ndipo ena alibe, werengani okhawo amene alibe pogula tikiti ya tsiku: ngati mwa atatu aja mmodzi ali ndi Deutschland-Ticket, gulani Bayern-Ticket ya anthu awiri, imene inali mayuro 42, ndipo dzina la wachitatuyo lisalembedwepo.